Swichi Yosamvetsera: Chifukwa Chake Kanema Amasefukira M'mapoti Onse

Mukadzalowa m'kachipinda momwe hotelo kapena sukulu imasungira zida za netiweki, mudzayang'ane timagetsi tobiriwira ta pa swichi. Swichi ndi bokosi lija la mabowo 24 kapena 48 momwe mumalowa zingwe zochokera m'zipinda zonse, ndipo bowo lililonse amalitcha poti. Zinthu zikakhala bwino, timagetsiti timaphethira mosiyana, aka kakuthamanga, ako kangoti duu, malinga ndi zomwe zikuchitika kumapeto kwa chingwe chake. Koma nthawi zina tonse timaphethira pamodzi osapumira, ngakhale ta zipinda zopanda munthu. Kunja alendo akudandaula kuti zithunzi za pa tivi zikusweka, pulintala ya polandirira alendo yaleka kuyankha, waifai ikukwawa. Amayesa kusintha zingwe, ena mpaka kukalipira a intaneti, koma osaphula kanthu. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti winawake walumikiza makina otumiza makanema ku swichi yomwe sikudziwa kuti makanemawo akufuna ndani.

Kuti timvetse bwino, tiyerekeze hotelo ya zipinda 60 pa nsanjika zitatu, zipinda 20 pa nsanjika iliyonse. M'malo moika dikoda m'chipinda chilichonse, eni hotelo aika makina amodzi omwe amalandira matchanelo 30 kuchokera ku setilaiti n'kuwathira mu netiweki. Tchanelo iliyonse imadya mamegabiti 8 pa sekondi, mlingo wosadabwitsa pa kanema wooneka bwino. Mativi a m'zipinda ali ndi mapoti a mamegabiti 100 pa sekondi, monga momwe mativi ambiri amakhalira mpaka lero. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma ali pafupi ndi zomwe amisiri amakumana nazo.

Pali njira ziwiri zotumizira makanemawa. Yoyamba ndi yomwe timaizolowera pa foni: aliyense woonera amalandira kope lakelake. Usiku wa mpira, zipinda zonse 60 zikatsegula tchanelo imodzi, makina aja ayenera kutulutsa makope 60 a chinthu chimodzimodzi, omwe ndi mamegabiti 480 pa sekondi. Njira yachiwiri, yotchedwa malitikasiti, ndi yoti makinawo atulutse kope limodzi lokha, mamegabiti 8, lolembedwa adilesi ya gulu osati ya munthu. Ntchito yochulukitsa kopelo imasiyidwa m'manja mwa maswichi, omwe amaligawa pokhapokha pomwe njira zapatukana. Maadilesi a magulu ali ndi dera lawolawo, kuyambira 224.0.0.0 mpaka 239.255.255.255, ndipo oyamba ndi 239 anasungidwira ntchito za m'kati mwa bungwe. Choncho kuhotelo yathu tchanelo yoyamba ikhale 239.10.1.1, yachiwiri 239.10.1.2, mpaka yomaliza 239.10.1.30.

Njirayi imapulumutsa malo ambiri pa zingwe. Vuto n'lakuti makina otumiza sadziwa, ndipo safunsa, ngati pali woonera. Amangothira matchanelo onse 30 usana ndi usiku, mamegabiti 240 pa sekondi, m'poti imodzi ya swichi. Zonse zimadalira kuti swichiyo ichita nawo chiyani.

Momwe swichi imaphunzirira

Swichi yatsopano ikangoyatsidwa siidziwa chida chilichonse. Imaphunzira poyang'ana mapaketi omwe akudutsa. Paketi iliyonse imanyamula maadilesi awiri a mtundu wa MAC, nambala yomwe chida chilichonse cha netiweki chimabwera nayo kuchokera ku fakitale: ya komwe ikupita ndi ya komwe yachokera. Swichi imachita ngati mtengamtokoma wosadziwa mudzi, yemwe amaphunzira nyumba za anthu powerenga dzina la wotumiza kumbuyo kwa envelopu. Akapatsidwa kalata pakhomo lachisanu, kumbuyo kwalembedwa dzina lakutilakuti, amalemba m'kabuku kake kuti munthuyo amakhala pakhomo lachisanu. Ikabwera kalata yopita kwa munthu yemwe sali m'kabukumo, amapanga makope n'kusiya pakhomo lililonse, podziwa kuti mwini wake akayankha, dzina lake lioneka kumbuyo kwa envelopu ndipo chisokonezo chithera pomwepo.

Pa mauthenga a chida ndi chida chinzake, njirayi imagwira bwino kwambiri. Kusefukirako kumachitika pa paketi imodzi kapena ziwiri basi. Koma taganizani kalata yolembedwa kuti ikupita kwa a kwaya. Palibe munthu yemwe angalembe kumbuyo kwa envelopu kuti dzina lake ndi kwaya. Aliyense amalemba dzina lake. Ndi mmenenso zilili ndi adilesi ya gulu: malamulo a Ethernet salola kuti ikhale pamalo a wotumiza. Tchanelo yathu ya 239.10.1.5 imayenda ndi adilesi ya MAC ya 01:00:5E:0A:01:05, ndipo palibe tivi yomwe idzatumize paketi yonena kuti yachokera ku adilesi imeneyo. Swichi singaiphunzire lero, mawa kapena chaka chamawa. Kwa iyo, paketi iliyonse ya tchaneloyi ndi kalata ya mlendo, ndiye imaikopera ku mapoti onse kupatula yomwe paketiyo yalowera.

Apa swichi siinawonongeke. Ikuchita ndendende zomwe inapangidwira, ndipo n'chifukwa chake kuizimitsa n'kuiyatsanso sikusintha kanthu.

Tsopano tione masamu ake. Poti ya chipinda 12 imatha kudutsitsa mamegabiti 100, koma swichi ikufuna kukankhiramo 240. Otsala 140 alibe kolowera, ndiye amatayidwa. Swichi siisankha potaya, chifukwa siidziwa kuti mlendo wa m'chipindamo akuonera tchanelo yachisanu. Tchanelo yakeyo imataya gawo lofanana ndi zinzake zonse, mapaketi pafupifupi 58 mwa 100 alionse. Kanema wotere amatumizidwa pa UDP, njira yomwe siibwereza paketi yotayika. Paketi iliyonse imanyamula tizidutswa 7 ta mabaiti 188, onse pamodzi 1,316, kotero tchanelo ya mamegabiti 8 imatulutsa mapaketi pafupifupi 760 pa sekondi. Kutayika kwa ochepa chabe kumaoneka kale pa sikirini ngati timabokosi tosweka. Kutayika kwa opitirira theka, palibenso choonera.

Pulintala nayo ikulandira mapaketi pafupifupi 23,000 pa sekondi ngati poti yake ili yothamanga, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe ili yake. Zida zabwino zimataya mapaketi achilendo pakhomo pomwepo, koma m'zida zing'onozing'ono sefa yake imakhala yosalimba, ndipo mapaketi ambiri amafika mpaka ku pulosesa, yomwe imatanganidwa ndi kutaya zinyalala mpaka kulephera ntchito yake. Ngakhale chidacho chitaye mwachangu, malo a pachingwe amakhala atadyedwa kale.

Waifai ndiye imavutika koposa. Kabokosi ka waifai katumiza uthenga kwa foni imodzi, kamagwiritsa ntchito liwiro lalikulu lomwe foniyo ingakwanitse, ndipo foniyo imavomera kuti yalandira. Uthenga wa gulu ulibe wovomera, choncho kabokosiko kamautumiza pa liwiro lotsika, nthawi zambiri megabiti 1 kapena mamegabiti 6 pa sekondi, kuti ngakhale wakutali amve. Tchanelo imodzi yokha ya mamegabiti 8 singakwane pamenepo. Nanga 30? Mlengalenga mumadzaza, ndipo mlendo yemwe amangofuna kutumiza uthenga kwawo amayamba kunyoza intaneti ya hoteloyo pomwe intanetiyo ilibe mlandu.

Kukambirana komwe kunalipo kale

Chosangalatsa n'chakuti mativi aja sakhala chete. Amanena zomwe akufuna, kungoti salankhula ndi swichi. Mu 1989, Steve Deering wa ku yunivesite ya Stanford analemba chikalata cha RFC 1112, momwe munali mtundu woyamba wa IGMP womwe unafala. IGMP ndi kalankhulidwe ka pakati pa chida choonera ndi rauta, makina olumikiza netiweki ina ndi inzake. Cholinga chake chinali choti rauta idziwe ngati m'dera lake muli wofuna gulu lakutilakuti, kuti isamabweretse makanema opanda woonera. Mtundu wachiwiri unatuluka mu 1997 mu RFC 2236, wolembedwa ndi William Fenner, ndipo wachitatu mu 2002 mu RFC 3376. Wachiwiriwu ndi womwe ukupezekabe m'mativi ndi m'mabokosi ambiri a m'mahotelo, ndiye titsatire umenewo.

Mauthenga ake ndi atatu. Mlendo akatsegula tchanelo yachisanu, tivi imatumiza lipoti ku adilesi ya gululo, 239.10.1.5, kunena kuti yalowa. Rauta, pa masekondi 125 alionse, imatumiza funso ku 224.0.0.1, adilesi yomwe zida zonse zimamvera, kufunsa kuti ndani akufunabe gulu liti, ndipo zida zimapatsidwa masekondi 10 oti ziyankhe. Mlendo akasintha tchanelo, tivi imatumiza uthenga wotsanzika ku 224.0.0.2, adilesi ya marauta onse. Rauta ikamva kutsanzikako imafunsa kawiri, motalikirana sekondi imodzi, ngati m'gululo mwatsala wina, ndipo pakakhala zii imaleka kutumiza.

Mauthenga onsewa amadutsa m'swichi. Swichi wamba imangowadutsitsa osawatsegula, popeza ntchito yake ndi maadilesi a MAC, pomwe IGMP ili m'kati mwa paketi, pa mlingo wa IP. Chomwe mumapeza pa sikirini ya swichi cholembedwa kuti `IGMP Snooping` ndi chilolezo choti swichiyo izitsegula mauthengawa n'kumvetsera nkhani yomwe si yake. Ikaona lipoti la 239.10.1.5 likulowera pa poti 12, imalemba m'tebulo lachiwiri kuti poti 12 ikufuna gulu limenelo. Ikaona funso likulowera pa poti 24, imalemba kuti wofunsa ali mbali imeneyo. Kuyambira pamenepo, mapaketi a tchanelo yachisanu amapita ku mapoti olembedwa m'tebulo okha, kuphatikizapo poti yopita kwa wofunsa. Chipinda 12 chimalandira mamegabiti 8 m'malo mwa 240. Pulintala siilandira kanema aliyense. Nsanjika yomwe zipinda zake 20 zikuonera matchanelo asanu osiyana imakoka mamegabiti 40 okha pa chingwe chake chachikulu.

Njirayi inayambira kwa opanga maswichi, aliyense m'kachitidwe kake. Chikalata cha RFC 4541 chomwe chimafotokoza nkhaniyi chinadzatuluka mu 2006, zidazo zili kale pamsika, ndipo ndi cha malangizo chabe, osati lamulo. N'chifukwa chake maswichi a makampani awiri akhoza kukhala ndi batani la dzina lomwelo koma n'kumachita zosiyana pa zinthu zing'onozing'ono zomwe zimapweteka mutu.

Pali kanthu kamodzi komwe swichi yomvetsera iyenera kusamala nako. Mu mtundu wachiwiri wa IGMP, tivi ikamva inzake yayankha kale za gulu lomwelo, imakhala chete, chifukwa rauta imangofuna kudziwa kuti alipo mmodzi. Koma swichi imafuna kudziwa poti iliyonse payokha. Ndiye imabisa malipotiwo: lipoti la chipinda 12 silipita ku chipinda 13, limangopita kwa wofunsa. Tivi iliyonse imaganiza kuti ili yokha m'gululo, imayankha, ndipo tebulo limakhala lathunthu. Kumbukirani mfundo imeneyi yoti malipoti amapita kwa wofunsa basi, chifukwa vuto lotsatira likuchokera pomwepa.

Mphindi zinayi ndi masekondi makumi awiri

Tinene kuti mmisiri wa kuhotelo ija wazindikira vuto, wayatsa `IGMP Snooping` pa maswichi onse, wayesa tivi ya chipinda 12 ndipo chithunzi chikuoneka mbee. Walongedza zida zake. Asanafike pageti, foni yalira: kanema waima. Wabwerera, wasintha tchanelo n'kubwereranso pa yomwe ija, yayambanso kuoneka. Patapita mphindi zinayi ndi kanthu, yaimanso.

Munthu wodziwa akangomva kuti kanema akuima patatha mphindi zinayi kapena zisanu, ndipo akudzuka mukasintha tchanelo, safunsanso zambiri. Swichi siisunga dzina m'tebulo mpaka kalekale, chifukwa tivi ikhoza kuzimitsidwa pakhoma osatsanzika. Imapereka nthawi, ndipo nthawiyo imawerengedwa motere: mafunso awiri a masekondi 125, kuwonjezerapo masekondi 10 oyankhira, zonse pamodzi 260. Amawerengera mafunso awiri kuti funso limodzi likatayika munthu asachotsedwe. Poti ikatha masekondi 260 osatumiza lipoti lina, imafufutidwa. Tivi imatumiza lipoti polowa, mwina n'kubwereza kamodzi kapena kawiri, kenako imadikira kufunsidwa. Ikapanda kufunsidwa, siyankhulanso.

Nanga wofunsa ali kuti? M'hotelo yathu mulibe. Makina otumiza ndi mativi ali mu netiweki imodzi, ndiye makanemawo sadutsa pa rauta. Rauta ya intaneti yomwe ilipo, kawirikawiri siinakonzedwe kuti izisamala za magulu, choncho siifunsa kanthu. Swichi yaloledwa kumvetsera kukambirana komwe kulibe woyambitsa. Pa maswichi a Cisco Catalyst, mwachitsanzo, kumvetsera kumakhala koyatsidwa kuchokera ku fakitale pomwe kufunsa kumakhala kozimitsidwa, kotero msamphawu umakhala wotchera kale musanagwire batani lililonse.

Zomwe zimachitika masekondi 260 akatha zimasiyana. Maswichi ena amaleka kutumiza gululo, ndiye kanema amaima monga taonera. Ena amati gulu lopanda wolembetsa lipite paliponse, ndiye kusefukira kuja kumabweranso ngakhale sikirini ikuonetsa kuti kumvetsera n'koyatsidwa. Swichi ya m'kati mwa Linux, ikaona kuti palibe wofunsa, imasankha dala kusefukira, poganiza kuti kuli bwino kudzaza zingwe kusiyana n'kudula kanema. Chifukwa chake ndi chimodzi, koma maonekedwe awiri osemphana, ndipo izi zimasocheretsa ngakhale amisiri ozolowera.

Pomwe pali maswichi angapo, kusowa kwa wofunsa kumaonekanso mwanjira ina. Makina otumiza ali pa swichi yaikulu ya pansi, ndipo nsanjika iliyonse ili ndi swichi yake. Tivi ya pa nsanjika yachitatu yatumiza lipoti. Swichi ya nsanjikayo yalemba m'tebulo lake, koma lipotilo ilipititse kuti? Limayenera kupita kwa wofunsa, ndipo swichiyo siinamvepo funso lililonse. Pa maswichi ambiri lipotilo limathera pomwepo. Swichi yaikulu siidziwa kuti kumtunda kuli wofuna tchaneloyo, ndiye siitumiza. Zotsatira zake n'zakuti mativi olumikizidwa pa swichi yomwe pali makina otumiza amaonetsa, ena onse kuli mdima.

Mankhwala ake ndi kuuza swichi imodzi kuti izifunsa yokha m'malo mwa rauta. Pa sikirini zimalembedwa `IGMP Querier` kapena `IGMP Snooping Querier`. Pa Cisco ndi lamulo ili:

```
ip igmp snooping querier
```

Pa Linux, ngati swichi yanu ya m'kati ili ndi dzina la `br0`:

```
ip link set br0 type bridge mcast_snooping 1 mcast_querier 1
```

Funso likayamba kuzungulira mobwerezabwereza, mativi amayankha, nthawi ya m'tebulo imayambiranso, ndipo maswichi a m'nsanjika amadziwa mbali yopititsa malipoti.

Wofunsa akhale pati

Apa ndi pomwe ambiri amathamanga, n'kuyatsa kufunsa pa swichi iliyonse kuti zitsimikizike. Maswichiwo sakangana ayi. IGMP ili ndi chisankho chake: ofunsa awiri akamvana, wa adilesi ya IP yaing'ono ndiye amapambana, winayo amakhala chete n'kumadikira. Akatha masekondi 255 osamva funso, amatenga udindowo. Kukhala ndi wachiwiri wodikira n'chinthu chabwino. Koma chisankhochi sichiyang'ana kukula kwa swichi kapena malo ake, chimangoyang'ana nambala.

Tanena kale kuti swichi yomvetsera imatumiza makanema ku mapoti olembetsa komanso ku poti yopita kwa wofunsa. Mbali yomalizayi ndi yolemera. Swichi imaganiza kuti wofunsa ndi rauta, ndipo rauta ikhoza kukhala ndi oonera kuseri kwake omwe swichi singawaone, choncho maswichi ambiri amaitumizira magulu onse, kaya pali wopempha kaya palibe. Tiyerekeze kuti swichi yaikulu ili ndi adilesi 10.0.0.20 pomwe kaswichi ka nsanjika yachitatu kali ndi 10.0.0.3. Kaswichiko kapambana chisankho. Matchanelo onse 30, mamegabiti 240, tsopano akukwera chingwe chopita ku nsanjika yachitatu usana ndi usiku, ngakhale kumeneko kukhale kopanda mlendo. Chingwe cha gigabiti imodzi chikhoza kupirira, ngakhale kuti pafupifupi kota yake yangowonongeka. Koma pamakina otumiza zithunzi za m'zipinda za misonkhano kudzera mu netiweki, pomwe kanema mmodzi amatha kudya mamegabiti mazanamazana, makanema awiri kapena atatu okha amatseka chingwecho.

Ndiye wofunsa akhale swichi yomwe makina otumiza alumikizidwa, kapena yoyandikana nawo kwambiri, ndipo ipatsidwe adilesi yaing'ono kuposa ena onse omwe angafunse. Kuona kwanga, ili ndi gawo lomwe limafuna pensulo ndi pepala musanagwire kiyibodi, chifukwa kulakwitsa kwake sikuoneka tsiku loyamba. Kumadzaoneka tsiku lomwe mwawonjezera matchanelo.

Kutsimikiza ndi maso

Timagetsi timangopereka chikaiko. Umboni umapezeka polumikiza laputopu pa poti ya chipinda chopanda tivi, osatsegula kanema aliyense, n'kumvetsera ndi pulogalamu ya Wireshark kapena tcpdump:

```
tcpdump -n -i eth0 'udp and dst net 239.10.1.0/24'
```

Laputopuyo siinapemphe gulu lililonse, ndiye pa netiweki yokonzedwa bwino sikirini iyenera kukhala yopanda kanthu. Mizere ikayamba kuthamanga yosawerengeka, kusefukira kulipo. Chachiwiri ndi kufufuza wofunsa:

```
tcpdump -n -i eth0 igmp
```

Apa pamafunika kudekha. Dikirani mphindi zitatu. Mukuyembekeza mzere wokhala ndi mawu akuti `igmp query v2` wopita ku 224.0.0.1, ndipo adilesi ya kumanzere kwake ndiyo ya wofunsa. Ngati palibe mzere wotere, mwapeza chifukwa chomwe kanema amaimira. Ngati ulipo koma adilesi yake ndi ya kaswichi ka kumtunda, kapena ya karauta komwe wina analumikiza mwakachetechete mu ofesi mwake, mwapeza komwe mamegabiti anu akuthawira. Swichi yokha ikhozanso kukuonetsani tebulo lake, pa Cisco ndi `show ip igmp snooping groups` ndi `show ip igmp snooping querier`, pa Linux ndi `bridge mdb show`. Mukuyenera kuona gulu lililonse pamodzi ndi mapoti omwe alipempha. Ngati netiweki yanu inagawidwa m'zigawo za VLAN, onani chigawo chilichonse pachokha, popeza chilichonse chimafuna wofunsa wake.

Za kutsanzika tidutsepo mwachidule. Mlendo akamasinthasintha matchanelo, tchanelo yomwe waisiya imapitiriza kubwera kwa masekondi pafupifupi awiri pomwe akufunsa ngati kwatsala wina. Zimenezo sizivuta. Zimavuta ngati kabokosi ka m'chipindamo ndi kakale, ka mtundu woyamba wa IGMP womwe ulibe uthenga wotsanzika. Tchanelo iliyonse yomwe wadutsapo imakhalabe ikubwera mpaka nthawi ya m'tebulo itatha, ndipo akadutsa matchanelo 13 m'mphindi zinayi, ndi mamegabiti 104 pa poti ya 100: wadzisefukirira yekha. Mbali inayi, pali batani la `Fast Leave` kapena `Immediate Leave` lomwe limadula tchanelo pomwepo osafunsa. Ndi labwino pa poti yokhala ndi tivi imodzi. Mukaliyatsa pa poti yopita ku swichi ina, mlendo mmodzi akasintha tchanelo amazimitsira anzake onse a nsanjikayo omwe amaonera yomweyo, mpaka funso lotsatira litawabwezeretsa.

Nthawi zina zonsezi zimakhala m'malo mwake, kumvetsera n'koyatsidwa, wofunsa ali pabwino, koma matchanelo akusefukirabe. Pamenepo yang'anani maadilesi omwe munasankha. Adilesi ya gulu ili ndi mabiti 28 osiyanitsa gulu ndi linzake, koma mu adilesi ya MAC muli malo a mabiti 23 okha. Mabiti asanu amatayika, kotero maadilesi a IP 32 amagawana MAC imodzi. Mwachitsanzo 239.10.1.5 ndi 239.138.1.5 onse amasanduka 01:00:5E:0A:01:05, ndipo swichi yomwe tebulo lake limasunga MAC osati IP imawaona ngati tchanelo imodzi, n'kupatsa mlendo onse awiri.

Choopsa kwambiri chili pa maadilesi omwe amaoneka osavuta kukumbukira. Dera la 224.0.0.0 mpaka 224.0.0.255 linasungidwira mauthenga oyendetsera netiweki, monga funso la IGMP lija kapena 224.0.0.251 yomwe mafoni amapezera mapulintala. Zida zambiri sizitumiza lipoti lolowa m'magulu amenewa, ndiye RFC 4541 imalangiza kuti mauthenga ake azipita ku mapoti onse nthawi zonse. Munthu wokonza makina otumiza akasankha 239.0.0.1 mpaka 239.0.0.30 chifukwa manambalawo ndi aukhondo, MAC ya tchanelo yoyamba imakhala 01:00:5E:00:00:01, yomwe ndi MAC ya 224.0.0.1, adilesi ya zida zonse. Swichi yoyang'ana MAC imasefukira matchanelo onsewo mokhulupirika. Chimodzimodzi ndi maadilesi oyamba ndi 239.128.0. Pokonza, maswichi simuwagwira n'komwe: mumalowa m'makina otumiza, n'kusamutsira matchanelo ku dera ngati 239.10.1, kenako n'kusintha mndandanda wa matchanelo m'mativi kuti uloze maadilesi atsopanowo.